Kupeza chithunzi chosowa pa funso la timabokosi 9: mbali, kadetsedwe ndi kutembenuka

Funsoli limabwera chonchi. Pa pepala pali timabokosi 9, titatu mopingasa, titatu motsika. M'timabokosi 8 ajambulamo zithunzi, china cha makona atatu, china cha makona anayi, china chakuda, china chamizeremizere, china chopendekeka. Kabokosi komaliza, kakumanja pansi, akasiya kopanda kanthu, ndipo m'munsi mwake akupatsani mayankho 6 kapena 8 kuti musankhepo limodzi. Mafunso a mtunduwu anatchuka ndi mayeso amene John C. Raven wa ku Britain anatulutsa mu 1938. Mayesowo ali ndi mafunso 60 m'magawo asanu, ndipo m'magawo atatu omalizawo ndi momwe muli timabokosi 9 ndi mayankho 8. Lero ofanana nawo amapezeka m'mayeso olowera ntchito ndi osankhira anthu ku maphunziro, pa pepala ngakhalenso pa kompyuta.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi kuyang'ana chithunzi chonse nthawi imodzi n'kumadikira kuti yankho lizionekera lokha. Pa mafunso oyambirira zimenezo zimatheka. Koma wopanga funso akasintha zinthu zitatu pamodzi, kuchuluka kwa mbali, kadetsedwe ka mkati ndi komwe chithunzi chaloza, diso limasokonezeka ndipo munthu amangosankha chimene chikufanana ndi kabokosi koyandikana. Funso lotere ndi mafunso atatu ang'onoang'ono osanjikizana, lililonse ndi lamulo lake. Ntchito yanu ndi kuwalekanitsa, kuyankha limodzilimodzi, kenako n'kuphatikiza mayankho atatuwo kukhala chithunzi chimodzi.

Musanachite china chilichonse, bisani mayankho a m'munsiwo ndi dzanja kapena kapepala. Mayankho olakwika sanawaike mwachisawawa. Lililonse analipanga kuti likole munthu amene wakhoza ziwiri n'kuphonya chimodzi, choncho mukayamba kuwayang'ana musanadziwe chimene mukufuna, onse aoneka ngati ali ndi nzeru.

Tiyeni tigwire funso lenileni. Chithunzi chilichonse chili ndi mbali zofanana kutalika, ndipo pa kona yake imodzi pali kadontho. Chithunzi chikatembenuka, kadonthoko kamatembenuka nacho. Kuti tizimvana, komwe kadontho kali tizikutchula ngati maola a pa wotchi ya mivi: m'mwamba ndi 12, kumanja ndi 3, pansi ndi 6, kumanzere ndi 9.

Mzere woyamba wopingasa uli ndi chithunzi cha mbali 3 choyera, kadontho pa 12. Kenako cha mbali 4 chamizeremizere, kadontho pa 3. Kenako cha mbali 5 chakuda, kadontho pa 6. Mzere wachiwiri ukuyamba ndi cha mbali 4 chakuda, kadontho pa 3. Pakati pali cha mbali 5 choyera, kadontho pa 6. Kumapeto kuli cha mbali 6 chamizeremizere, kadontho pa 9. Mzere wachitatu uli ndi cha mbali 5 chamizeremizere, kadontho pa 6. Cha mbali 6 chakuda, kadontho pa 9. Kenako kabokosi kosowako.

Yambani ndi mbali

Mbali ndi zowerengeka, sizifuna kuganizira, n'chifukwa chake ndimayamba nazo. Werengani chithunzi chilichonse n'kulemba nambala yake pambali pa pepala, m'dongosolo lomwelo la timabokosi. Iwalani zakuda ndi zoyera, iwalani kadontho.

```
3  4  5
4  5  6
5  6  ?
```

Zikalembedwa chonchi palibenso chobisika. Mzere woyamba ukuwonjezera imodzi pa kabokosi kalikonse, wachiwiri chimodzimodzi, ndiye wachitatu uyenera kutha ndi 7. Onani ndi motsika: mzere wakumanja ukupita 5, 6, ndipo 7 ikukhalapo bwino.

Lamulo muzilipeza pa mzere woyamba, muziliyesa pa wachiwiri, ndipo likapambana pamenepo m'pamene mulitengere ku wachitatu. Mzere umodzi wokha sukwanira. Nambala 3, 4, 5 zikhoza kutanthauza kuti mbali zikukwera, koma zikhozanso kutanthauza kuti pali mitundu itatu yokha ya zithunzi imene ikungosinthana malo. Chimene chikutiuza zoona ndi mzere wachiwiri: mwatulukira 6, nambala imene munalibe m'mzere woyamba, choncho si kusinthana malo, ndi kukwera.

Powerenga pali msampha wake. Chithunzi cha mbali 7 ndi cha mbali 8 zimafanana kwambiri zikajambulidwa zazing'ono, chimodzimodzi cha 5 ndi cha 6 zikapendekeka. Werengani makona, chifukwa makona ndi mbali n'zofanana kuchuluka ndipo kona imaoneka msanga. Ikani nsonga ya pensulo pa kona imene mwayambira kuti musaibwereze. Palinso njira yachidule. Chithunzi cha mbali 3, 5 kapena 7, kona ikaloza m'mwamba, pansi pake pamakhala mbali yogona. Cha mbali 4, 6 kapena 8, kona ikaloza m'mwamba, pansinso pamakhala kona. Mukaona kona yayang'anizana ndi mbali yogona, dziwani kuti nambala yake ndi yosagawika ndi 2.

Kenako kadetsedwe

Tsopano iwalani mbali. Lembani chilembo chimodzi pa kabokosi kalikonse: Y pa choyera, M pa chamizeremizere, K pa chakuda.

```
Y  M  K
K  Y  M
M  K  ?
```

Munthu amene wangoona mzere woyamba anganene kuti zithunzi zikunka zida kupita kumanja, kuchoka pa choyera mpaka chakuda. Mzere wachiwiri ukukana zimenezo, poti ukuyamba ndi chakuda. Lamulo limene likugwira pa mizere yonse iwiri ndi lakuti mzere uliwonse uli ndi choyera chimodzi, chamizeremizere chimodzi ndi chakuda chimodzi, kungoti malo akusinthana. Mzere wachitatu uli kale ndi M ndi K, ndiye chosowa ndi Y. Motsika kumanja kuli K ndi M, chosowa ndi Y yomweyo. Mukayang'ana modutsa, kuchokera pa kona ya kumanzere m'mwamba kudzera pakati, mupeza Y, Y, ndipo yachitatu ikumaliza mzerewo. Lamulo la kusinthana malo likakhalapo, kawirikawiri mzere umodzi wodutsa umakhala ndi chinthu chimodzimodzi katatu, koma musadalire kuti uzikhala uwu nthawi zonse. Nthawi zina umakhala wochokera kumanja m'mwamba kutsikira kumanzere, umene sudutsa pa kabokosi kosowa.

Taonani kuti m'funso limodzi lomweli mbali zikutsata lamulo la kukwera pamene kadetsedwe kakutsata lamulo la kusinthana. Ichi n'chimene chimasokoneza. Munthu akapeza lamulo limodzi amafuna kulikakamiza pa zonse.

Malamulo amenewa si ambiri. Mu 1990 akatswiri atatu a ku yunivesite ya Carnegie Mellon ku America, Patricia Carpenter, Marcel Just ndi Peter Shell, anaunika mafunso ovuta a mayeso a Raven n'kupeza kuti pafupifupi onse amayenda pa mitundu isanu ya malamulo. Pa funso la mbali, kadetsedwe ndi kutembenuka, amene mudzakumane nawo kawirikawiri ndi atatu. Chinthu chikhoza kukhala chosasintha m'mzere wonse n'kusintha pokhapokha mukatsikira mzere wina. Chikhoza kukwera kapena kutsika ndi mlingo umodzimodzi. Kapena chikhoza kukhala cha mitundu itatu yosinthana malo. Mukafika pa chinthu chilichonse, yesani atatuwa motsatana. Akakana onse, yesani kuphatikiza: mwina kabokosi kachitatu ndi koyamba kusanjikiza pa kachiwiri, monga theka lakumanzere lakuda ndi theka lakumanja lakuda kutulutsa chakuda chonse.

Kutembenuka

Apa m'pamene pafunika kudekha. Lembani maola a kadontho.

```
12   3   6
 3   6   9
 6   9   ?
```

Kuchoka pa 12 kufika pa 3 ndi maola atatu. Wotchi yonse ndi madigiri 360 ndipo ili ndi maola 12, choncho ola limodzi ndi madigiri 30, maola atatu ndi madigiri 90. Kabokosi kalikonse kakutembenuka madigiri 90 kutsata komwe mivi ya wotchi imayendera. Mzere wachiwiri ukuvomereza: 3, 6, 9. Mzere wachitatu ndi 6, 9, ndipo mukawonjezera maola atatu mufika pa 12. Kadontho kabwerera m'mwamba. Ena amakayikira yankho lotere poona kuti likufanana ndi kabokosi koyambirira, koma kutembenuka kumazungulira, sikukwera kosalekeza ngati nambala ya mbali.

Tsopano muli ndi zidutswa zitatu: mbali 7, choyera, kadontho m'mwamba. Zilembeni, kapena jambulani kachithunzi kake mwachangu, kenako chotsani dzanja pa mayankho. Tinene kuti ali motere. Loyamba ndi mbali 7, chakuda, kadontho pa 12. Lachiwiri mbali 6, choyera, pa 12. Lachitatu mbali 7, choyera, pa 9. Lachinayi mbali 7, choyera, pa 12. Lachisanu mbali 5, choyera, pa 12. Lachisanu ndi chimodzi mbali 7, chamizeremizere, pa 12. Lachisanu ndi chiwiri mbali 7, choyera, pa 6. Lomaliza mbali 8, choyera, pa 12.

Lolondola ndi lachinayi, koma n'kothandiza kuona kuti ena aja akukola ndani. Loyamba likudikira uja amati kumanja kumakhala zakuda. Lachitatu ndi la munthu amene wangokopera kadontho ka kabokosi koyandikana. Lachisanu ndi chiwiri ndi la amene watembenuza madigiri 90 ndithu, koma mobwerera, kuchoka pa 9 kutsikira pa 6. Lomaliza ndi la amene wadziwa kuti akufuna 7 koma sanawerenge makona. Ameneyu ndi womvetsa chisoni kuposa onse, chifukwa ntchito yonse wagwira bwino n'kutaya malikisi pa masekondi asanu omaliza. Pa yankho lachinayi, kona ya kadontho ili m'mwamba ndipo pansi pali mbali yogona. Pa lomaliza, m'mwamba kona, pansinso kona.

Pamene kadontho palibe

Funso limene tamalizali linatikomera mtima potipatsa kadontho. Ena alibe chizindikiro chilichonse, ndipo apo muyenera kudziwa chinthu chimodzi chokhudza zithunzi za mbali zofanana: chilichonse chili ndi mlingo umene chikatembenuka chimaoneka ngati sichinasunthe. Mlingowo mumaupeza pogawa 360 ndi nambala ya mbali. Cha mbali 3 ndi madigiri 120, cha mbali 4 ndi 90, cha mbali 5 ndi 72, cha mbali 6 ndi 60, cha mbali 8 ndi 45.

Tengani funso limene mzere uliwonse uli ndi chithunzi cha mtundu umodzi. M'mzere woyamba muli cha makona atatu, nsonga m'mwamba, kenako kumanja, kenako pansi. M'mzere wachiwiri muli masikweya atatu ooneka chimodzimodzi, onse ogona. Munthu wosadziwa amaganiza kuti lamulo la kutembenuka lafera pa mzere wachiwiri, n'kulitaya. Koma sikweya ikatembenuka madigiri 90 imangobwerera m'maonekedwe ake, choncho mzerewo sukutsutsa kanthu. Lamulo lilipo, ndipo m'mzere wachitatu cha mbali 5 chiyenera kupitiriza nalo, nsonga m'mwamba, kumanja, pansi. Mlingo ukanakhala madigiri 45, masikweyawo akanaoneka ogona, woima pa kona, wogonanso.

Vuto lina ndi lakuti maonekedwe amodzi akhoza kubwera m'njira ziwiri. Cha makona atatu chimene nsonga yake inali m'mwamba tsopano yaloza pansi: chikhoza kukhala chatembenuka madigiri 180, koma madigiri 60 okha amatulutsanso maonekedwe omwewo. Chimene nsonga yaloza kumanja chikhoza kukhala chapita madigiri 90 motsata wotchi, kapena madigiri 30 mosemphana nayo, chifukwa pamenepo kona imene inali pa 4 ndi imene yakwera kufika pa 3. Pa chithunzi chimodzi simungathe kugamula. Lembani milingo yonse iwiri, kenako pitani pa mzere wa chithunzi china mukaone umene ukugwira. Ngati cha mbali 5 chachoka nsonga m'mwamba n'kufika nsonga kumanja ndendende, madigiri 30 agwa, 90 atsala. Nthawi zonse yambani kuwerenga kutembenuka pa chithunzi chimene chili ndi mbali zochepa kapena chosafanana mbali, poti chimenecho sichibisa zambiri. Cha mbali 8 musayambire, chimabisa 45, 90, 135 ndi 180 yemwe.

Palinso kusiyana kwa kutembenuka ndi kugadabuzika ngati chithunzi cha pa galasi. Kadontho kakachoka pa 3 kupita pa 9, mwina chithunzi chazungulira madigiri 180, mwina changogadabuzika kumanja kukhala kumanzere. Pa chithunzi cha chizindikiro chimodzi ziwirizi nthawi zambiri sizisiyana. Koma pakakhala zizindikiro ziwiri, monga kadontho ndi kamtanda pa kona yotsatira, yang'anani dongosolo lake. Ngati mukuyenda motsata wotchi mumayamba kupeza kadontho kenako kamtanda, chithunzi chotembenuka chidzasunga dongosolo limenelo kulikonse kumene chaloza. Chogadabuzika chimalisintha, kamtanda kamatsogola. Pakati pa mayankho kawirikawiri pamakhala limodzi logadabuzika lotere, ndipo diso lothamanga silizindikira.

Funso lachiwiri, lolimbirapo

Njira ndi yomweyo, koma pano malamulo asinthana ntchito. Ndilemba kale zitatu zija padera, monga mungalembere pambali pa pepala. Mbali zili motere:

```
4  5  3
3  4  5
5  3  ?
```

Mukayambira mzere wapakati muona 3, 4, 5 n'kuthamangira kunena kuti zikukwera. Koma mzere woyamba ukupita 4, 5, n'kugwera pa 3, ndipo pa timabokosi tonse palibe nambala ina kupatula zitatuzi. Ndi kusinthana malo. Mzere wachitatu uli ndi 5 ndi 3, chosowa ndi 4.

Kadetsedwe kali motere:

```
K  Y  M
Y  M  K
M  K  ?
```

Nakonso ndi kusinthana, ndipo chosowa ndi Y. Koma taonani msampha. Tadziwa kuti yankho ndi sikweya, ndiye mtima umafuna kukopera sikweya imene ilipo kale. Ya m'mzere woyamba ndi yakuda, ya m'mzere wachiwiri ndi yamizeremizere. Kadetsedwe sikanamangirizidwe ku mtundu wa chithunzi, kakuyenda pakokha, ndipo sikweya yachitatu iyenera kukhala yoyera. M'mafunso ena ziwirizi zimayendera limodzi, cha makona atatu chilichonse chakuda, sikweya iliyonse yoyera. Musaganizire, onani pa pepala ngati zili choncho.

Tsopano kadontho. Apa pakubwera madigiri 45, amene pa wotchi ndi ola ndi theka, choncho kona ya kumanja m'mwamba tiilemba 1:30 ndipo ya kumanja pansi 4:30.

```
12  1:30   3
12   3     6
12  4:30   ?
```

Mzere woyamba ukuyenda ola ndi theka pa kabokosi, madigiri 45. Mukayesa mlingo umenewu pa mzere wachiwiri ukukana, chifukwa kumeneko kadontho kakudumpha maola atatu, madigiri 90. Musataye lamulo msanga. M'mzere uliwonse mlingo ndi wosasintha, kungoti mzere uliwonse uli ndi wake, ndipo milingoyo ikukwera ndi 45 mukamatsika: 45, 90, kenako 135. Mzere wachitatu ukutsimikiza, poti kuchoka pa 12 kufika pa 4:30 ndi maola anayi ndi theka, amene ndi madigiri 135. Wonjezerani maola ena anayi ndi theka pa 4:30, mufika pa 9. Motsika kumanja mukupeza 3, 6, 9, ndipo zikugwirizana.

Yankho ndi sikweya yoyera, kadontho kumanzere. Popeza kadontho kali pa kona ndipo konayo yaloza pa 9 ndendende, sikweyayo iyenera kuima pa kona, osati kugona. Pakati pa mayankho mudzapeza sikweya yoyera yogona, kadontho pa kona ya kumanzere pansi, pa 7:30. Imeneyo ndi ya munthu amene watenga madigiri 90 a mzere wachiwiri n'kuwaika pa wachitatu, ndipo imakopa kwambiri chifukwa sikweya yogona ndi imene tinazolowera kuona. Mudzapezanso ina ya kadontho pa 6, ya amene watenga 45 ya mzere woyamba. Phunziro la funso ili n'lakuti mlingo wa mzere wachitatu muziuyeza pa mzere wachitatu womwewo, pakati pa timabokosi tiwiri timene mwapatsidwa. Mizere iwiri yam'mwamba ikuuzani mtundu wa lamulo, koma kukula kwake kuli pa timabokosi tiwirito.

Lamulo likakana kutuluka

Nthawi zina mwalemba zonse koma chimodzi sichikumveka. Choyamba bwererani mukawerengenso, chifukwa kawirikawiri cholakwika ndi nambala imodzi imene mwalemba 6 pamene ndi 5, kapena kadontho kamene mwakaika pa 3 pamene kali pa 1:30. Nambala zikakhala zoona, siyani mopingasa muyang'ane motsika, poti pali mafunso amene lamulo limaoneka bwino kumeneko. Zikakanabe, dzifunseni ngati simunaphatikize zinthu ziwiri n'kuziyesa chimodzi. Izi zimachitika kwambiri pa chithunzi chodetsedwa theka: chithunzi chenicheni chikhoza kumatembenuka motsata wotchi pamene theka lakudalo likuyenda mosemphana nayo, kapena laima malo amodzi. Zikatero muli ndi zinthu zinayi, osati zitatu, ndipo theka lakudalo lifunika kulembedwa pa lokha ndi maola ake. Mizeremizere nayo ili ndi komwe imaloza, yoima, yogona kapena yopendekeka, ndipo nthawi zina kutembenuka konse kwa funso kumakhala m'mizere imeneyo pamene chithunzi chakunja sichikusuntha.

Chizindikiro chakuti lamulo lanu n'lolakwika ndi ichi: mukufunika kulikhululukira kabokosi kamodzi. Mukayamba kunena kuti likugwira ponse kupatula apa, ndiye kuti si limenelo. Lamulo loona limafotokoza timabokosi tonse 8. Koma motsika musakukakamize. Mafunso ambiri amagwirizana mopingasa ndi motsika, ndipo zikatero mwapeza umboni wachiwiri, koma alipo amene anawapanga kuti ayende mopingasa pokha. Motsika mukasowa dongosolo pamene mopingasa lamulo lagwira mizere iwiri yathunthu, tsatani mopingasa.

Nthawi ikachepa, simufunika kumaliza zitatu zonse musanayambe kudula mayankho. Pa funso loyamba lija, kungodziwa kuti mbali ndi 7 kukuchotsa mayankho atatu. Kudziwa kuti n'choyera kukuchotsa ena awiri. Atsala atatu osiyana kadontho kokha, ndipo ngakhale mutalota pamenepo, mwayi wanu ndi umodzi pa itatu m'malo mwa umodzi pa 8. Musanalote, werengani malangizo a mayesowo, chifukwa ena amadula malikisi pa yankho lolakwika ndipo ena sadula.

Ena amaphunzitsana njira yongoyang'ana mayankho okha, kusankha limene lili ndi zinthu zopezeka kwambiri mwa anzake. Pa funso loyamba ikanagwira, poti 7 ikupezeka kasanu, choyera kasanu ndi kamodzi, ndipo 12 chimodzimodzi. Imagwira chifukwa wopanga funso amatenga yankho loona n'kumasintha kanthu kamodzi kuti apange olakwika. Koma opanga mayeso ena amaidziwa ndipo amasanja mayankho kuti chilichonse chipezeke mofanana, kapena kuti chochuluka chikhale cholakwika. Ine ndingaigwiritse ntchito pokhapokha belu lili pafupi kulira ndipo funso sindinalikhudze.

Kanthu kena ka pa pepala. Ngati mayeso anawachulukitsa pa makina ndipo inki yachuluka, chamizeremizere chimaoneka ngati chakuda, ndipo kadontho ka pa chithunzi chakuda kamatha kumira. Inki ikachepa, chotuwa chimaoneka choyera. Mukaona kuti m'mzere umodzi muli zakuda ziwiri pamene mizere ina ili ndi mitundu itatu, yang'anitsitsani musanasinthe lamulo, ndipo pepala likakhala losaoneka kwezani dzanja mupemphe lina kwa woyang'anira mayeso. Pa kompyuta simungathe kuika pensulo pa makona, choncho funsani musanayambe ngati akulola pepala lolembapo. Akakana, gwirani chinthu chimodzi pa nthawi ndipo mukachipeza chineneni chamumtima, kuti 7, kenako 7 choyera, kenako 7 choyera m'mwamba, kuti choyamba chisathawe pamene mukufufuza chachitatu.

Pozolowera kunyumba, njira yabwino ndi kupanga mafunso anu. Jambulani timabokosi 9, sankhani lamulo la mbali, la kadetsedwe ndi la kutembenuka, dzazani tonse, fufutani komaliza, kenako pangani mayankho 7 olakwika, lililonse ndi cholakwika chake chimodzi, mupatse mnzanu. Kuti kutembenuka kulowe m'maso, dulani pa katoni cha makona atatu, sikweya ndi cha mbali 5, lembani kadontho pa kona imodzi ndi kamtanda pa kona yotsatira, pamwamba ndi kunsi komwe kwa katoniyo, n'kumazitembenuza pa tebulo madigiri 45, 90 ndi 135, kenako kuzigadabuza, mukuona komwe kadontho ndi kamtanda zikugwera.